Mwana wopuma mwaphokoso amene vuto lake linali mummero: lipoti la nkhani

Lipoti ili ndi la mwana wamwamuna wa miyezi 22 amene anafika m'manja mwathu atapuma mwaphokoso kwa masabata atatu. Chimene chinkamupanikiza mpweya sichinali m'mapapo, sichinalinso m'kati mwa njira yaikulu ya mpweya imene timaitcha tirakiya, koma chinali kumbuyo kwake, mummero, njira imene chakudya chimadutsa popita m'mimba. Aliyense amene anaphunzira kapangidwe ka thupi analoweza kuti mphete za tirakiya zimaoneka ngati chilembo cha C, ndiponso kuti kumbuyo kwake kuli khoma lofewa limene limapereka mpata kwa chakudya. Ambiri timayankha pa mayeso funso la chifukwa chake mphetezi sizitsekeka kumbuyo n'kuliiwala, koma kwa mwana ameneyu khoma lofewalo ndi limene linafotokoza zizindikiro zake zonse, ndipo linatitsogolera pa chilichonse chimene tinasankha kuchita kapena kusachita.

Mbiri ya matenda

Mwanayu anabadwa bwinobwino pa nthawi yake, anali asanagonekedwepo m'chipatala, ndipo asanadwale sankapuma mwaphokoso ngakhale polira. Mayi ake anafotokoza kuti vutoli linayamba ngati chifuwa chouma, ndipo patapita masiku angapo anayamba kumva phokoso losasa pakhosi pa mwanayo akamapuma. Kuchipatala kumene anayamba kupita anamupatsa amokisilini poganiza kuti ndi chibayo chongoyamba kumene, ndipo atabwererako anamupatsa salubutamo wopumira poganiza kuti ndi mphumu. Maganizo awiriwa anali omveka, chifukwa chibayo ndi mphumu ndiwo matenda amene kawirikawiri amabweretsa ana a msinkhu uwu kuchipatala ali ndi chifuwa. Komabe mankhwala onsewo sanasinthe kanthu, thupi la mwanayo silinatenthepo pa masabata onse atatuwo, ndipo m'banja mwawo munalibe wodwala mphumu.

Nkhani inatembenuka pamene tinafunsa za kadyedwe. Mayiwo anayankha kuti: "Adokotala, zamadzimadzi akumwa, koma chilichonse cholimba amangochitafuna n'kulavula, ndipo akayesa kumeza phokoso lija limakula." Anali asanauzepo aliyense zimenezi, osati pobisa, koma chifukwa ankaona kuti mwana wodwala chifuwa kukana chakudya si zachilendo. Buku lake lachipatala linkasonyeza kuti miyezi iwiri m'mbuyomo ankalemera makilogalamu 10.6, pomwe pa tsikulo analemera makilogalamu 10. Titafunsa ngati anatsamwidwapo, mayiwo anati sanaonepo zotero. Yankho limeneli sitinalitenge ngati lothetsa nkhani, popeza ana ambiri a msinkhu uwu amameza zinthu popanda wamkulu woona, ndipo iwo eni sangathe kunena.

Zimene tinapeza pomuyeza

Mwanayu anali maso, ankatsatira zochitika, koma ankakana kugona chagada ndipo ankakonda kukhala atatukula chibwano pang'ono. Ankapuma ka 44 pa mphindi, okosijeni m'magazi anali pa 95 peresenti popanda thandizo, ndipo kutentha kwa thupi kunali madigiri 37.2. Pakamwa pankatuluka dovu loposa la mwana wa msinkhu wake. Akakoka mpweya, kadzenje ka pamwamba pa fupa la pachifuwa kankalowa m'kati.

Phokosolo tinalimvetsera mosamala, chifukwa ndilo linkatiuza malo a vuto. Linkamveka pokoka mpweya ndi poutulutsa pomwe, linali la liwu limodzi losasinthasintha, ndipo linkamveka kwambiri tikaika chomvetsera pakhosi kusiyana ndi m'munsi mwa chifuwa. Phokoso la mphumu limachokera m'tinjira ting'onoting'ono tambirimbiri ta m'mapapo, choncho limakhala la maliwu osiyanasiyana ndipo limamveka makamaka potulutsa mpweya. La mwanayu linkachokera pamalo amodzi, m'njira yaikulu. Mbali zonse ziwiri za chifuwa zinkalandira mpweya mofanana, zimene zinachepetsa mwayi woti chinthu chinalowa n'kutseka nthambi imodzi ya njira ya mpweya. Mawu ake polira anali abwinobwino, kusonyeza kuti timinofu ta mawu ta m'kholingo tinalibe vuto. Tinatsala ndi mwana amene tirakiya yake yapanikizika pamalo amodzi ndipo mmero wake sukudutsitsa zolimba. Kuganiza matenda awiri osiyana kunali kotheka, koma kapangidwe ka ziwalo ziwirizi kankalola kuti chinthu chimodzi chichite zonsezi.

Chifukwa chake mphetezi sizitsekeka kumbuyo

Tirakiya imayambira m'munsi mwa kholingo, moyang'anizana ndi fupa la nambala 6 la m'khosi, n'kutsika mpaka pamene imagawikana kukhala nthambi ziwiri zopita kumapapo, cha pa fupa la nambala 4 kapena 5 la msana wa pachifuwa. Kwa munthu wamkulu imatalika masentimita 10 mpaka 12 ndipo m'mimba mwake ndi pafupifupi masentimita 2. Ili ndi mphete 16 mpaka 20 za chicherewecherewe, cha mtundu womwe uli kumphuno ndi kumapeto kwa nthiti, ndipo pakati pa mphete ndi mphete pali minyewa yotanuka imene imalola tirakiya kutalika ndi kupindika munthu akamagwedeza khosi kapena kukoka mpweya wambiri. Ntchito ya chicherewecherewe ndi yosavuta kuimvetsa. Pokoka mpweya, mphamvu ya mpweya m'kati mwa gawo la m'khosi la tirakiya imatsika kuposa ya kunja, ndipo paipi yofewa ikanaphwafuka. Potulutsa mpweya mwamphamvu, gawo la m'chifuwa ndilo limafinyidwa ndi mphamvu ya m'chifuwamo. Mphetezi zimagwira njirayo kuti ikhale yotseguka m'nyengo zonse ziwiri.

Mphete iliyonse imazungulira kutsogolo ndi m'mbali, koma kumbuyo imasiya mpata. Mpatawo unatsekedwa ndi khoma la minyewa ndi mnofu wopyapyala wotchedwa tirakiyalisi, umene umalumikiza nsonga ziwiri za chilembo cha C ndipo umadzigwirira ntchito munthu osaulamula. Mwa munthu wabwinobwino chicherewecherewe chimatenga pafupifupi magawo anayi kapena asanu a mkombero wonse, ndipo khoma lofewa limatenga gawo limodzi. Mphete yokhayo yathunthu m'njira yonse ya mpweya ndi ya kirikoidi, imene ili pamwamba penipeni pa tirakiya, ndipo kumbuyo kwa mphete imeneyi ndi kumene mmero umayambira.

Mmero unagona chogundana ndi khoma lofewali. Pamene munthu sakumeza, mmero sukhala paipi yozungulira yotseguka, koma umakhala wophwafuka, khoma lake lakutsogolo litagundana ndi lakumbuyo. Kumbuyo kwake kuli mafupa a msana amene sasuntha. Choncho nthongo ya chakudya ikamatsika, mmero umafutukuka chammbali ndiponso chakutsogolo, ndipo kutsogoloko umakumana ndi khoma limene limavomera kukankhidwa. Zili ngati zipinda ziwiri zolekanitsidwa ndi nsalu m'malo mwa njerwa, moti wonyamula katundu wamkulu m'chipinda chimodzi amabwereka malo m'chinzake kwa kanthawi. Kubwereka kumeneku sikuvutitsa munthu pa zifukwa ziwiri. Choyamba, pomeza kupuma kumaima kwa kanthawi, kawirikawiri kosaposa sekondi imodzi, ndipo nthongoyo imapitirira kutsika osaima pamalo amodzi. Chachiwiri, khomalo ndi lotanuka, moti limabwerera m'malo mwake chakudya chikangodutsa. Kuyandikana kumeneku kunayambira m'mimba mwa mayi, popeza cha m'sabata yachinayi ya mluza tirakiya ndi mmero zimachokera ku paipi imodzi imene kenaka imagawikana, ndipo ndi chifukwa chake ana ena amabadwa ndi bowo lolumikiza ziwirizi.

Ndiyenera kunena pano kuti yankho la pa mayeso lija, loti mphetezi n'zotseguka kuti chakudya chidutse, ndi loona koma si lathunthu. Khoma lofewa lili ndi ntchito ina yaikulu pa kutsokomola. Munthu akamatsokomola, kholingo limatseka, mphamvu ya m'chifuwa imakwera, mnofu wa tirakiyalisi umakoka nsonga za mphete kuti ziyandikane, ndipo khoma lakumbuyo limalowa m'kati. Njira ikachepa chonchi mpweya umatuluka mwaliwiro lalikulu n'kukokolola makhololo. Palinso nkhani ya kukula. Ana ochepa amabadwa ndi mphete zathunthu zopanda khoma lofewa, ndipo chimene chimawabweretsa kuchipatala makamaka si kulephera kumeza, koma kulephera kupuma, chifukwa gawo la mphete zoterolo limakhala lopapatiza ndipo silifutukuka bwino. Mbalame nazonso zili ndi mphete zathunthu koma zimameza bwinobwino. Kwa ine, zimenezi zikusonyeza kuti khoma lofewa ndi malo amene tirakiya imasinthira kukula kwake, ndipo kudutsa kwa chakudya ndi imodzi mwa nthawi zimene kusinthako kumafunika.

Chimene chimakhudza wodwala wathu ndi chakuti khoma lovomera kukankhidwa silisankha chimene chikulikankha kapena nthawi imene chikhale. Nthongo ya chakudya imadutsa, koma chinthu chokakamira mummero chimakankha usana ndi usiku. Mwa mwana wamng'ono zinthu zimaipiraipira, chifukwa chicherewecherewe chake sichinakhwime ndipo tirakiya yake m'mimba mwake ndi yosakwana sentimita imodzi. Malinga ndi lamulo la Poiseuille, pamene mpweya ukuyenda mwabata, kuvuta kwa kuukoka kumakwera mogwirizana ndi kuchepa kwa njira kochulukitsidwa mwa iko kokha kanayi. Njira ya mamilimita 7 ikachepa kufika pa mamilimita 5, kuvutako kumakwera pafupifupi kanayi, ndipo ikachepa ndi theka kumakwera ka 16. Mawerengedwe amenewa ndi ongoyerekeza, popeza tirakiya yokankhidwa kumbuyo imaphwatalala osati kuchepa mozungulira, komanso mwana akamalira mpweya suyenda mwabata. Koma amatithandiza kumvetsa chifukwa chake mamilimita awiri okha, amene munthu wamkulu sangawamve n'komwe, amatha kumuika mwana pa ngozi.

Zithunzi za ekisire

Tinapempha zithunzi ziwiri, chakutsogolo ndi chammbali, zoyambira pakhosi mpaka pamimba. Tinanenetsa kuti khosi lionekemo, chifukwa chithunzi cha chifuwa chodulidwa m'munsi mwa khosi chikhoza kusiya kunja chinthu chimene tikufunafuna. Chithunzi chakutsogolo chinasonyeza chinthu chachitsulo chozungulira, cha masentimita 2.3 m'mimba mwake, chili pakati penipeni, pa mzere wa mafupa opingasa a pamwamba pa chifuwa. Mapapo anali oyera mbali zonse. Pa chithunzi chammbali chinthucho chinaoneka ngati kamzere kowongoka, chili kumbuyo kwa mzere wakuda wa mpweya wa m'tirakiya. Mzere wa mpweyawo unali utakankhidwira kutsogolo ndipo unachepa pamalo amenewo. Pakati pa chitsulocho ndi mpweya panali mnofu wokhuthala kuposa mmene uyenera kukhalira, ndipo chimenechi chinatiuza kuti chinthucho chakhalitsa, komanso kuti tirakiya ikupanikizidwa ndi kutupa kwa makoma osati chitsulo chokha.

Kagonedwe ka ndalama yachitsulo pa chithunzi kamachokera ku kapangidwe komwe tafotokoza kaja. Mmero ndi wophwafuka kutsogolo ndi kumbuyo ndipo umatambasuka chammbali, choncho ndalama imagona chopingasa n'kuonetsa nkhope yake yonse pa chithunzi chakutsogolo. M'tirakiya zimayembekezeka kukhala mosiyana, chifukwa mpata wa pakati pa timinofu ta mawu unayenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo m'mbali mwa tirakiya muli chicherewecherewe cholimba pomwe kumbuyo kuli khoma lovomera, moti ndalama imaima cham'mphepete n'kuoneka ngati kamzere pa chithunzi chakutsogolo. Lamulo limeneli n'lothandiza koma si lodalirika nthawi zonse, ndipo sindingalangize aliyense kuti apite nalo lokha m'chipinda cha opaleshoni. Chithunzi chammbali ndicho chimaweruza. Kwa mwana wathu panalinso umboni wina wapafupi, woti chinthu cha masentimita 2.3 sichingakwane m'tirakiya ya mwana wosakwana zaka ziwiri.

Funso limene tinathera nthawi kuliyankha linali lakuti kodi ndi ndalama kapena batire laling'ono lozungulira, monga la m'wotchi ndi m'zidole. Batire lotere limaonetsa mikombero iwiri pa chithunzi chakutsogolo, ndipo pa chammbali limaonetsa kasitepe chifukwa mbali yake imodzi ndi yocheperapo. Titakulitsa chithunzi sitinapeze zizindikiro ziwirizi. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa batire likagunda makoma onyowa a mmero limatulutsa magetsi amene amapanga mankhwala owotcha mnofu, ndipo limatha kuwononga kwambiri m'maola awiri okha. Ngati mbali yowotchayo yayang'ana kutsogolo, chimene chaima pakati pa batire ndi mpweya wa mwana ndi makoma awiri opyapyala opanda chicherewecherewe.

Bambo ake ataona chithunzicho anakumbukira kuti tsiku lina, vutoli lisanayambe, mwanayo anatsokomola kwambiri n'kusanza pamene ankasewera pansi ndi mlongo wake wamkulu, koma anasiya yekha ndipo madzulo ake anamwa mkaka bwinobwino.

Zimene tinasankha ndi zifukwa zake

Mwana amene wameza ndalama posachedwa ndipo alibe chizindikiro chilichonse amatha kudikiridwa kwa maola osapitirira 24, chifukwa ndalama zina zimatsika zokha kupita m'mimba. Mwana wathu sanali m'gulu limeneli. Anali ndi phokoso popuma, ankalephera kumeza, ndipo chinthucho chinali chitakhala masabata, choncho tinakonza zochichotsa tsiku lomwelo. Tinamuletsa kudya ndi kumwa, tinamuika diripi, ndipo tinamusiya pamiyendo pa mayi ake ali tsonga. Sitinamukakamize kugona kapena kumuyang'ana kukhosi ndi kamtengo kopanikizira lilime, popeza kulira kumawonjezera liwiro la mpweya ndipo njira yochepa kale imavutika kwambiri.

Pali njira ziwiri zachidule zimene tinazikana. Yoyamba ndi yolowetsa kachubu kokhala ndi kabaluni kunsonga kupitirira ndalamayo, kufufumitsa kabaluniko n'kukoka. Yachiwiri ndi yokankhira ndalamayo m'mimba ndi ndodo yofewa yofutukulira mmero. Zonsezi zimagwiritsidwa ntchito m'malo ena pa ndalama yongomezedwa kumene mwa mwana wopuma bwino, koma pa ndalama yokhalitsa zimakoka kapena kukankha chinthu chimene mwina chamira m'khoma lachilonda, dokotala asakuona. Komanso kabaluni kofufuma mummero kamakankha khoma lomwe lija la tirakiya, limene linali litalowa kale m'kati. Salubutamo tinamusiyitsa. Mankhwalawa amamasula minofu ya m'njira za mpweya, kuphatikizapo tirakiyalisi, ndipo pamene vuto lili khoma lakumbuyo lolendewera, kulimasula kwambiri sikuthandiza ndipo nthawi zina kumawonjezera phokoso.

M'chipinda cha opaleshoni

Dokotala wogonetsa anamugoneka ndi mankhwala opumira, mwanayo akupumabe yekha, mpaka titaona mmene njira ya mpweya inalili. Tinayamba kuunika tirakiya tisanakhudze mmero. Kholingo linali labwino. M'munsi mwake mphete zinkaoneka bwino kutsogolo ndi m'mbali ngati mizere yoyera, koma khoma lakumbuyo linali lofiira, lotupa, ndipo linatumphukira m'kati kwa mtunda wa mphete zitatu kapena zinayi, n'kusiya mpata wooneka ngati mwezi wongokhala kumene, wa pafupifupi theka la njira. Sitinapeze bowo kapena mafinya. Kupitirira pamenepo tirakiya inabwerera m'maonekedwe ake mpaka pogawikana.

Malinga ndi msinkhu wake, mwanayu akanalandira chubu chopumira cha mamilimita 4.0, koma tinasankha cha 3.5 ndipo tinaonetsetsa kuti nsonga yake yapitirira malo opanikizikawo. Chifukwa chake chinaonekera patangopita mphindi zochepa. Chipangizo chachitsulo chounikira mummero chitangolowa, mphamvu yofunika popopera mpweya m'mapapo inakwera, popeza chipangizocho nachonso chimakankha khoma lofewa monga momwe nthongo ya chakudya imachitira, kungoti icho n'cholimba ndipo chimakhalitsa. Pakanakhala palibe chubu chogwira njirayo kuchokera m'kati, mpata wotsala uja ukanatsekeka. Tinagwirizana kuti wogonetsa akanena kuti mpweya ukuvuta, wounika abweze chipangizo msanga osatsutsa, ndipo zinachitikadi tisanaigwire bwino ndalamayo.

Ndalamayo inali itada, ili pang'ono m'munsi mwa khomo la mmero, pamalo oyamba mwa malo atatu amene mmero umapapatiza. Ena awiriwo ali pamene mmero umadutsana ndi mtsempha waukulu wa magazi ndi nthambi yakumanzere ya njira ya mpweya, ndiponso pamene umaboola mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba. M'mphepete mwa ndalamayo munali mutamera mnofu wofiira wosachedwa kutuluka magazi. Tinaigwedeza pang'onopang'ono mpaka inamasuka, kenaka tinaitulutsa pamodzi ndi chipangizocho. Titaunikanso tinapeza zilonda ziwiri zosazama kumanzere ndi kumanja, kumene mphepete mwa ndalama munkakanikiza. Khoma lakutsogolo, logundana ndi tirakiya, linali lotupa koma losabooka. Panalibe chinthu chachiwiri m'munsi mwake. Tinalowetsa kachubu kodyetsera kudzera m'mphuno tikuona ndi maso, kuti pasadzakhale wina wokalowetsa mongopapasa pa mmero wachilonda.

Zimene zinatsatira

Mwanayu analandira dekisametazoni kuti kutupa kuchepe, ndipo chubu chopumira tinachichotsa atadzuka bwino, zipangizo zochibwezeretsa zili pafupi. Phokoso linachepa koma silinathe. Makolo ake anadandaula ndi zimenezi, chifukwa ankayembekezera kuti ndalama ikatuluka mwana apuma mwakachetechete nthawi yomweyo. Tinawafotokozera kuti khoma limene lakankhidwa kwa masabata silibwerera msanga ngati limene lakankhidwa kwa sekondi, popeza kutupa kumatenga nthawi kuphwa, ndipo mphete zofewa za mwana zimene zapanikizidwa nthawi yaitali zimafunika nthawi kuti zilimbenso.

Usiku woyamba anamwino ankayang'anira kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, ndi khungu la pakhosi ngati likumveka kuthetheka polikhudza, chimene chimasonyeza kuti mpweya watulukira m'minofu kudzera pa bowo. Mmero ulibe chikuta chakunja cholimba ngati cha matumbo, choncho ukabooka matenda amafalikira msanga pakati pa chifuwa. Zizindikirozi sizinaoneke. Pa tsiku lachitatu tinajambula ekisire mwanayo akumeza mankhwala oonetsa njira osungunuka m'madzi, ndipo sanatayikire kunja kwa mmero kapena kulowa m'tirakiya. Tinayamba kumupatsa zamadzimadzi pakamwa, kenaka zofewa, ndipo kachubu ka m'mphuno kanachotsedwa. Anatuluka m'chipatala pa tsiku lachisanu ali ndi kaphokoso kochepa komveka polira pokha.

Makolo tinawauza zinthu zitatu zoti abwerere nazo msanga. Choyamba chinali kutsokomola nthawi iliyonse mwana akamwa, chifukwa chimenechi ndi chizindikiro cha bowo pakati pa mmero ndi tirakiya, limene likhoza kutseguka mochedwa pamene chilonda chikusintha. Chachiwiri chinali kusanza magazi, ngakhale ochepa. Chachitatu chinali kuyambiranso kukana zolimba, chifukwa zilonda ziwiri zoyang'anizana zikamapola zimatha kukoka mmero n'kuupapatiza. Patatha masabata asanu ndi limodzi phokoso linali litatheratu ndipo mwanayo ankalemera makilogalamu 10.9. Patatha miyezi itatu chithunzi chomeza mankhwala chinasonyeza kupapatiza pang'ono pamalo a zilonda paja, koma popeza ankadya zonse za msinkhu wake popanda vuto, sitinafutukule mmerowo, ndipo tinapitiriza kumuona mpaka chaka chinatha ali bwino.

Zofunika kwa anzanga ogwira ntchitoyi

Pa nkhani yonseyi, masabata atatu anatayika pa funso limodzi losafunsidwa, pomwe kuchotsa ndalamayo kunatenga nthawi yosakwana ola. Mwana wa miyezi 6 mpaka zaka zitatu amene wayamba kupuma mwaphokoso asanakhalepo ndi vutoli, thupi silikutentha, ndipo mankhwala a mphumu sakumuthandiza, afunsidwe za kumeza, ndipo funsolo likhale lolunjika: kodi zolimba akumeza, kodi dovu lachuluka, kodi phokoso limakula pakudya. Kufunsa kuti "akudya bwanji" kumabweretsa yankho loti akudya pang'ono, limene limagwirizana ndi matenda alionse.

Ekisire yoyera siitsiriza nkhani. Ife tinali ndi mwayi kuti chinthucho chinali chachitsulo, koma pulasitiki, mtengo ndi mafupa ambiri a nsomba sizioneka. Zikatero, chimene chimatsala pa chithunzi chammbali ndi umboni wa khoma lofewa lokha, ndiko kuti mzere wa mpweya wopindikira kutsogolo, wochepa pamalo amodzi, ndi mnofu wokhuthala kumbuyo kwake. Mwana wokhala ndi zizindikiro zimenezi ayenera kuunikidwa m'kati ngakhale chinthu chisakuoneka. Ndipo akapezeka kuti mummero mulibe kanthu, maso atembenukire ku zina zimene zimapanikiza ziwalo ziwirizi pamodzi, monga mitsempha ya magazi yobadwa itazungulira tirakiya ndi mmero, kapena chotupa cha pakati pa chifuwa.

Khoma lomweli limavulazidwanso kuchokera mbali ya mpweya, ndipo nthawi zambiri ndi manja athu. Kabaluni ka chubu chopumira kakapopedwa mopitirira, kamakanikiza khoma lakumbuyo pa kachubu kodyetsera kamene kali mummero, ndipo mnofu wa pakati umasowa magazi mpaka kubooka. Ndi chifukwa chake mwa akuluakulu mphamvu ya kabaluniko imasungidwa pakati pa masentimita 20 ndi 30 a madzi, mwa ana imakhala chakumunsi kwa malire amenewa, ndipo iyenera kuyezedwa ndi chipangizo osati kupapasa ndi chala. Poboola tirakiya pakhosi kuti tiike chubu, mpeni kapena singano ikapitirira siikumana ndi chicherewecherewe chilichonse kumbuyo choiimitsa, ndipo imalowa mummero popanda wochita opaleshoni kumva kusintha m'dzanja lake.